Khungu lisatuluke ngati la chidole: mafunso ndi mayankho kwa otsatsa zodzoladzola

Ndimagulitsa mafuta odzola a malambe pa Kamuzu Road ku Salima. Ndikapanga chithunzi chotsatsira ndi Midjourney, pulogalamu ya AI yopanga zithunzi kuchokera ku mawu, nkhope imatuluka ngati chidole chovekapo zovala m'shopu. Ndikulakwitsa pati?

Kawirikawiri vuto limakhala m'mawu oyamikira omwe mwalemba mu pulomputi, malangizo aja mumapatsa pulogalamu. Mapulogalamuwa anaphunzira kuchokera ku zithunzi zankhaninkhani zokhala ndi mawu ozifotokoza, ndipo zithunzi zomwe zimayenda ndi mawu ngati `flawless`, `perfect skin`, `smooth` kapena `porcelain` zambiri ndi zomwe zinasalazidwa kale pa kompyuta mpaka timabowo ta pakhungu tonse kufufutika. Mukalemba mawu amenewa, mwaitanitsa nokha chidolecho. Nawo `8k`, `ultra realistic` ndi `hyperrealistic` ndi achinyengo: amamveka ngati akupempha munthu weniweni, koma nthawi zambiri amakokera ku zithunzi zojambula pa kompyuta, popeza wojambula ndi kamera salemba kuti chithunzi chake chikufanana ndi chenicheni.

Lamulo lomwe timatsatira ndi ili: musayamikire nkhope, fotokozani zomwe kamera ikanaona. Muzifotokoze motsatana, kuyamba ndi khungu, kenako zodzola, kenako kuwala, n'kutsiriza ndi kamera.

Ndiye khungu ndilifotokoze bwanji, poti sindikufuna munthu wa ziphuphu pa chithunzi cha malonda?

Pakati pa ziphuphu ndi pulasitiki pali mpata waukulu. Yang'anitsitsani tsaya la munthu wa khungu labwino atakhala pafupi nanu. Muona timabowo tambiri m'mbali mwa mphuno, pomwe cha kukhutu timachepa. Muona tiubweya tosaoneka bwino m'mphepete mwa nsagwada, timizere kunsi kwa maso, komanso kuti mozungulira pakamwa pamaderako pang'ono kuyerekeza ndi pamasaya. Zimenezi ndi zomwe diso limagwiritsa ntchito pozindikira kuti uyu ndi munthu. Sankhani ziwiri kapena zitatu, ndipo chilichonse mutchule malo ake:

```
fine pores beside the nose, soft vellus hair along the jaw,
slightly deeper tone around the mouth
```

Malowo ndi ofunika kwambiri. Mukangolemba `visible pores` popanda kunena kuti pati, kapena mukabwereza kangapo, pulogalamu imamwaza timabowo tofanana nkhope yonse, khungu n'kuoneka ngati khoko la lalanje. Kumeneko ndi kulakwitsa kwa mbali inayo, ndipo mayi wa zaka 28 amatuluka ngati wa zaka 45. Liwu la `fine` kapena `subtle` limathandiza kuchepetsa. Zaka nazo muzilemba ndi nambala, chifukwa `young woman` yekha amakonda kubweretsa nkhope yamwana yosalala.

Ndimafuna mayi wakuda ngati makasitomala anga, koma amatuluka woyererako, nthawi zina wotuwa.

Izi ndi nthenda ziwiri zosiyana. Kuyerako kumabwera chifukwa zithunzi zambiri zotsatsira zodzoladzola zomwe mapulogalamu anaphunzirapo ndi za anthu oyera khungu, ndiye mawu ngati `glowing` ndi `radiant` amakokera komweko. Musangolemba kuti ndi mayi wa ku Malawi n'kuganiza kuti mwamaliza. Tchulani kuda kwake ndi mtundu womwe uli pansi pake, monga `deep brown skin with warm red undertone`, ndipo muike mawuwa koyambirira kwenikweni. Chithunzi chikatuluka, fananizani nkhope, khosi ndi kunja kwa dzanja. Nkhope ikayera kuposa khosi, wogula aganiza kuti mukugulitsa mafuta oyeretsa khungu, chikhalirecho anu ndi a malambe.

Kutuwa kumachokera ku `matte` wolembedwa ngati wa nkhope yonse. Khungu lakuda limaonetsa maumbidwe ake kudzera m'kunyezimira kwa pamwamba pa masaya, pamphumi ndi pamsana pa mphuno. Mukakuchotsa konse, nkhope imangoti mbuu ngati mwana amene wachoka kunyanja osadzola. Choncho kunyezimira sikuyenera kuchotsedwa, koma kuuzidwa pokhala.

Nanga zodzola monga faundeshoni, phaudala ndi lipisitiki?

Ziuzeni monga momwe mukanauzira wodzoza mkwatibwi ku saluni: chodzola chake, kuchuluka kwake, ndi malo ake. `full glam makeup` ndi mawu omwe amaphimba nkhope yonse ndi utoto umodzi. M'malo mwake nenani kuti faundeshoni ndi yopyapyala ndipo khungu likuonekera pansi pake, phaudala ali pamphumi ndi pamphuno basi, lipisitiki ndi wofiira ngati njerwa yootcha ndipo timizere ta pamilomo tikuoneka.

Chonyezimira kwambiri chikhale chimodzi pa chithunzi, ndipo chikhale chomwe mukugulitsacho. Ngati ndi mafuta, anyezimire masaya, milomo ikhale yosawala kwenikweni. Ngati ndi gulosi wa pamilomo, masaya afatse. Anthu ambiri amaunjika `dewy`, `glossy`, `glowing` ndi `luminous` mu pulomputi imodzi, ndipo zotsatira zake ndi nkhope yonyowa paliponse ngati yakutidwa ndi jumbo.

Ndinalemba kale kuti `soft lighting`. Bwanji sizinathandize?

Chifukwa mawu awiriwo sakunena kuti nyaliyo ndi yaikulu bwanji ndipo yaima pati. Pulogalamu imawamva ngati kuwala kochokera mbali zonse mofanana, ndipo apa mpamene anthu ambiri amagwa. Timabowo ndi tiubweya timaoneka chifukwa cha timithunzi ting'onoting'ono tomwe timakhala pambali pake. Kuwala kukafanana mbali zonse timithunzito timafa, ndipo ngakhale munalemba bwino za khungu, lituluka losalala ndithu.

Taganizani mayi atakhala pakhonde ku Senga Bay cha m'ma 10 koloko m'mawa. Dzuwa silikumuwomba, koma kuwala kwa thambo kukulowa kutsogolo kwake chakumwamba, ndipo mchenga woyera wa pabwalo ukubwezera kuwala kwina kunsi kwa chibwano. Mthunzi wa pansi pa mphuno ulipo koma ndi wofewa. Ojambula zithunzi za zodzoladzola amapanga zomwezi m'nyumba: nyali yaikulu yokutidwa ndi nsalu yoyera amaiika pamwamba pang'ono pa nkhope, ndipo kunsi amaikako bolodi loyera lobwezera kuwala. Pulogalamu imazidziwa ndi dzina loti `clamshell lighting`. Mayi yemweyo mutamutulutsa padzuwa la masana mu Okutobala, pamphumi pabwera kadontho koyera kowala koopsa, kokhala ndi malire akuthwa. Kadontho kotero ndi komwe diso limati ndi pulasitiki, chifukwa ndowa yatsopano imawala choncho. Gwero la kuwala likakula, kunyezimirako kumatambasuka n'kumazilala pang'onopang'ono.

Ife timakonda kusuntha nyali yaikuluyo chammbali pang'ono, madigiri pafupifupi 30, kuti tsaya limodzi lidereko. Kukongola sikuchepa, koma khungu limabwerera. Kuti mudziwe ngati pulogalamu yamva, kuzani chithunzi pamaso. Payenera kukhala kuwala kwakukulu kumtunda kwa diso ndi kwina kozilala kunsi. Mukaona timadontho tinayi kapena kuwala kosiyana m'maso awiriwo, chithunzicho chitayeni.

Tandionetsani pulomputi yonse ya mafuta anga aja.

Yomwe ambiri amayambira imakhala chonchi:

```
beautiful African woman, flawless glowing skin, perfect makeup,
soft lighting, ultra realistic, 8k
```

Yokonzedwa motsata dongosolo lija ndi iyi:

```
close-up photo, Malawian woman, 30, deep brown skin, warm undertone,
fine pores beside the nose, light oil sheen on cheekbones only,
thin satin foundation, large softbox above and 30 degrees left,
white reflector under chin, 100mm lens, f/8 --ar 4:5 --s 50
```

Liwu loti wokongola mulibemo, ndipo simulisowa. Lenzi ya 100mm ndi ya mtundu womwe ojambula amagwiritsa ntchito pojambula nkhope pafupi popanda kukuza mphuno. Tasankha `f/8` osati `f/1.8` chifukwa pa kamera yeniyeni `f/1.8` imaonetsa bwino maso okha, masaya ndi makutu n'kuchita chimbuuzi, ndipo pulogalamu imatengera khalidwe lomwelo. Chimbuuzi cha pamasaya chimenecho chimaoneka ngati kusalaza.

Tulutsani zithunzi zinayi, muone chomwe chikulakwika mwa zonse, kenako musinthe chinthu chimodzi chokha. Tinene kuti zitatu zatuluka ndi mphumi yowala kwambiri. Onjezerani `light powder on forehead` basi, zina zonse muzisiye. Mukasintha khungu, nyali ndi lenzi nthawi imodzi, simudziwa chomwe chathandiza, ndipo bandulo ithera pomwepo.

Kodi `--s 50` yo ndi chiyani, ndipo pali zina zotembenuza kupatula mawu?

Mu Midjourney nambala imeneyi imauza pulogalamu kuchuluka kwa kukometsera kwake komwe ingaonjezere. Imayambira pa 0 kufika 1000, ndipo mukapanda kulemba imakhala pa 100. Kuitsitsa kumachepetsa kusalaza. Palinso `raw`, yomwe imachita ntchito yofananako ndipo mungaiyatse pa `/settings`. Mu Stable Diffusion, pulogalamu ina yopanga zithunzi, yang'anani `CFG scale`: ikakwera kwambiri mitundu imapsa ndipo khungu limaoneka ngati phula, choncho pa mtundu wake wa SDXL yambirani pakati pa 5 ndi 7. Mu pulogalamu inanso ya Flux, `guidance` imakonda kukhala pa 3.5, ndipo kuitsitsa kufika cha pa 2.5 kumabweza khungu, ngakhale pulogalamu imayamba kumvera mawu anu mochepera.

Chenjeraninso ndi zokonza nkhope monga GFPGAN ndi CodeFormer. Zinapangidwa kuti zikonze nkhope zowonongeka kapena zosaoneka bwino, ndiye pa nkhope yojambulidwa pafupi zimafufuta ntchito yonse yomwe mwagwira. Zizimitseni.

Bwanji osangolemba kuti `no plastic skin`?

M'mawu aakulu a pulomputi musatero. Mapulogalamu ambiri samva bwino kukana, amangoona liwu la pulasitikilo n'kulitsata. Zokana zili ndi malo ake: mu Midjourney ndi `--no airbrushed`, mu Stable Diffusion ndi bokosi la `Negative prompt`. Koma zimangothandizira, sizikonza kuwala kolakwika.

Chithunzi chimaoneka bwino pa kompyuta, koma ndikaika pa sitetasi ya WhatsApp chimasalalanso.

WhatsApp imapanikiza zithunzi kuti zichepe, ndipo zoyamba kutayika ndi tinthu ting'onoting'ono ngati timabowo tomweto. Dulani chithunzi kuti nkhope idzaze malo ambiri, chifukwa nkhope yaing'ono pakati pa chithunzi chachikulu singasunge khungu. Potumiza kwa wosindikiza mapositala, tumizani ngati `Document` kuti chisapanikizidwe.

Botolo langa nalo lingapangidwe ndi pulogalamuyi?

Ayi, lijambuleni lenilenilo. Pulogalamu siidziwa lebulo yanu ndipo imapotoza zilembo, komanso mtundu wa lipisitiki womwe yapanga sufanana ndendende ndi womwe uli m'katoni mwanu. Jambulani botolo pakhonde, kuwala kukuchokera mbali yomweyo yomwe munalemba mu pulomputi, kumanzere chakumwamba, kenako muliphatikize pa chithunzicho. Zithunzi zoonetsa nkhope asanadzole ndi atadzola musazipange ndi pulogalamu, chifukwa kumeneko ndi kulonjeza wogula zotsatira zomwe palibe munthu anaziona pa khungu lake.