Folo-apu ya nchito yakunja, werengerani pa wochi ya olemba nchito

Anthu ambiri amene amabwera kwa ine kuti ndiwathandize nkhani zofunsira nchito kunja amafika atakwiya kale, ati ndinachita intavyu bwinobwino, anandiuza kuti andiyankha, manje zii. Ndikawafunsa kuti imelo yokumbutsa munaitumiza liti, yankho limakhala lofanana, "mmawa ndithu cha m'ma 07:30 ndisanakwere minibasi." Vuto limayambira pomwepo, chifukwa 07:30 ya pa Chilenje kapena ku Matero ndi 05:30 kapena 06:30 ku UK, ku Toronto ndi pakati pa usiku, ndipo ku Perth ya ku Australia anthu adya kale chakudya cha masana. Folo-apu yonse, kuyambira kuwerenga masiku mpaka kusankha ola lotumizira, iyenera kuyenda pa wochi ndi kalenda ya olemba nchito, yanu muiike pambali kaye.

Ife kuno ku Zambia wochi yathu siisuntha chaka chonse, tili pa CAT, yomwe pa kompyuta imalembedwa UTC+2. Koma anzathu a ku UK amasintha wochi kawiri pa chaka. Kuyambira pa Sondo yomaliza ya Malichi amapititsa wochi patsogolo ndi ola limodzi, ndiye kusiyana kwathu ndi iwo kumakhala ola limodzi chabe, 10:00 yawo ndi 11:00 yathu. Ikafika Sondo yomaliza ya Okutobala amaibweza, kusiyana kumakhala maola 2, 10:00 yawo ndi 12:00 yathu. Mu 2026 masiku amenewa ndi 29 Malichi ndi 25 Okutobala. Munthu amene analoweza kuti "UK ili kumbuyo ndi ola limodzi" amakhala akunena zoona miyezi 7 yokha.

Titenge chitsanzo cha nesi wa kuno ku Lusaka amene wachita intavyu pa vidiyo ndi nyumba yosamalira okalamba ya ku England, Lachitatu pa 14 Okutobala 2026, 10:00 yawo, 11:00 yathu. Pomaliza amuuza kuti amuyankha pasanathe masiku 5 ogwira nchito.

Usiku usanafike atumize kaimelo kothokoza, mizere itatu basi, ndipo aka sikafuna masamu ambiri bola kafike iwo asanaweruke, ndiye kuti isanakwane 18:00 ya kuno. Masamu enieni ali pa masiku 5 aja. Tsiku la intavyu siliwerengedwa. Lachinayi 15 ndi loyamba, Lachisanu 16 lachiwiri, Loweruka ndi Sondo tulumphe, ndiye Lolemba 19, Lachiwiri 20, Lachitatu 21. Ndipo Lachitatu limenelo silinathe mpaka ofesi yawo itseke cha m'ma 17:00 yawo, yomwe ndi 18:00 kuno. Amene amalemba pa 19 kuti "masiku 5 akwana" wawerengera wikendi, ndipo amene walandira imeloyo amangoona munthu wosamva bwino zimene wauzidwa, chinthu choipa kwambiri pa nchito ya unesi.

Ine ndimalangiza kuti tsiku lolonjezedwa likadutsa muonjezerepo masiku awiri ogwira nchito. Chifukwa chake nchakuti amene anakufunsani mafunso nthawi zambiri si amene amasaina, pamakhala manijala wina, pamakhala a HR, pamakhalanso anzanu ena amene intavyu yawo inasunthidwa. Masiku awiriwo akutifikitsa Lachisanu pa 23. Koma Lachisanu masana sindikonda kutumiza chilichonse chofuna yankho, imelo imagona wikendi yonse ndipo Lolemba mmawa imapezeka pansi pa mulu, ngati thumba la chimanga limene linafika koyamba pa chigayo koma ena onse aunjika awo pamwamba. Ndiye nesi wathu adikire Lachiwiri pa 27, imelo ifike cha m'ma 09:30 yawo, munthu atakhala pansi, atachotsa za usiku, misonkhano isanamutenge.

Apa ndi pamene wochi imamupusitsa. Intavyu inachitika kusiyana kuli ola limodzi, koma pa Sondo 25 Okutobala a UK abweza wochi, ndiye 09:30 yawo Lachiwiri si 10:30 ya kuno ayi, ndi 11:30. Akatumiza 10:30 palibe chachikulu chalakwika, ifika 08:30, koma cholakwika chomwechi chimakula akayamba kupereka maola oti akambirane pafoni. Akalemba kuti ndimapezeka 09:00 osanena kuti ya kuti, iwo awerenga ngati 09:00 yawo. Akati 09:00 ya Lusaka, wawapempha kuti amuimbire 07:00 yawo, m'mamawa. Zonsezi zimabweretsa maimelo ena awiri atatu ongofunsana nthawi, ndipo pa anthu awiri ofanana maphunziro, wosavuta kupangana naye ndi amene amayamba kuimbiridwa.

Mu Okutobala wolakwitsa amangofika msanga pa Zoom kapena Teams n'kukhala ola lathunthu akuyang'ana sikirini, bandulo ikutha, mtima uli phaa kuganiza kuti amutaya. Mu Malichi ndiye zimapweteka, chifukwa kusiyana kumachepa kuchoka pa 2 kufika pa 1. Munapangana 10:00 yawo pa 31 Malichi, inu m'mutu muli 12:00, pomwe nthawi yeniyeni ndi 11:00, mukulowa anthu anadikira mphindi khumi n'kutseka kalekale.

Nanga mu imeloyo mulembamo chani? Zochepa. Yankhani pa imelo yomweyo imene anakuitanirani ku intavyu, osayamba yatsopano, kuti mutu wake ndi nambala ya nchito zioneke pomwepo. Mzere woyamba unene kuti ndinu ndani, munakambirana tsiku liti, za nchito iti. Wachiwiri ufunse ngati pali chatsopano komanso ngati pali pepala lina limene akufuna kwa inu. Wachitatu upereke nthawi ziwiri zimene mungapezeke, ndipo nthawi iliyonse ilembedwe ndi dzina la tsiku, mwezi m'mawu, ola lawo poyamba, lanu pambuyo, motere:

```
Thursday 29 October, 10:00 UK time / 12:00 Lusaka (UTC+2)
```

Mwezi ulembedwe m'mawu chifukwa 03/04 kwa ife ndi a UK ndi 3 Epulo, koma kwa munthu wa ku America ndi 4 Malichi. Ndiponso ndimakonda dzina la mzinda ndi UTC+2 kuposa kungolemba CAT, chifukwa ambiri kunja saidziwa, ena amaiwerenga ngati CET ya ku Ulaya poganiza kuti chala chinaterereka. Samalaninso ndi GMT, yomwe ndi nthawi ya ku UK akabweza wochi, pali anthu a ku UK amene amalemba GMT ngakhale mu Julayi pomwe wochi yawo ili pa BST, nthawi yopititsidwa patsogolo ija, akutanthauza chabe nthawi ya pakhoma la ofesi yawo. Mukaona zimenezo pakati pa Epulo ndi Okutobala funsani, kapena pemphani kuti akutumizireni kuitana kwa pa kalenda, kumene kumadzisinthira kokha ku nthawi ya foni yanu bola foniyo ili pa nthawi ya Zambia. Kalankhulidwe kathu ka "fifitini awazi" ndi kabwino kwambiri pa nkhani iyi, 15:00 siingasokonekere ndi ya usiku, ndiye musakasiye.

Mwina mukuti 11:30 ndimakhala ndili mu wodi, foni ili mu loka, kapena malaiti amakhala atapita ndipo netiweki ikuvuta. Lembani imeloyo usiku muli phee, ndiye pa Gmail dinani kamuvi kali pambali pa `Send` musankhe `Schedule send`, pafoni kali pa timadontho titatu pamwamba. Imeloyo idzapita yokha ngakhale foni itazima. Kumbukirani chabe kuti ola limene mukusankha pamenepo ndi la kuno, ndiye muike 11:30, osati 09:30. Ndipo ngati akuyankhani Lolemba madzulo, thamangani mukaichotse pa `Scheduled`, apo ayi Lachiwiri mmawa alandira funso loti "mundiyankha liti" atakuyankhani kale, manyazi ake.

Za WhatsApp ndinenepo pang'ono. Ngati ejenti kapena wa HR anayamba yekha kukulemberani kumeneko, mutha kuyankha komweko, koma uthenga wa pa WhatsApp umalira m'thumba la munthu nthawi yomweyo, suyembekeza ofesi ngati imelo. Kuimba foni osapangana, makamaka ya vidiyo, musayese.

Mayiko ena masamu ake ndi omwewa, manambala okha ndi amene amasintha. Toronto ndi New York zili kumbuyo kwathu ndi maola 6 kapena 7, ndipo iwo amasintha wochi masiku osiyana ndi a UK, pa Sondo yachiwiri ya Malichi ndi Sondo yoyamba ya Novembala. Tsiku lawo la nchito limayamba 15:00 kapena 16:00 ya kuno, ndiye kukhala chete kwa mmawa wonse sikutanthauza kanthu, anthuwo ali mtulo. Dubai ili patsogolo ndi maola 2 chaka chonse, Doha ndi Riyadh ola limodzi, koma kumeneko chachikulu ndi kalenda. Ku Qatar ndi Saudi Arabia wikendi ndi Lachisanu ndi Loweruka, Sondo ndi tsiku loyamba la nchito, pomwe boma la UAE linasamukira ku Loweruka ndi Sondo mu Januwale 2022, Lachisanu akugwira theka la tsiku, ndipo makampani ambiri anatsatira. Ndiye masiku 5 a ku Doha kuchokera pa intavyu ya Lachitatu ndi Lachinayi, Sondo, Lolemba, Lachiwiri, Lachitatu.

Kumene ndimaona anthu akutaya mwayi kwenikweni ndi kum'mawa, makamaka anyamata a za migodi amene akufunsira ku Perth. Perth ili patsogolo ndi maola 6 ndipo siisintha wochi. Akakuuzani kuti tumizani masatifiketi Lachisanu lisanathe, 17:00 yawo ndi 11:00 ya kuno, inu mukamati ndikasikana mapepala pa lanchi m'tauni, ofesi yawo yatseka kale ndipo wikendi yayamba. Kwa iwo tsiku lanu lomaliza ndi Lachinayi usiku.

Tibwerere kwa nesi uja. Imelo yapita Lachiwiri pa 27. Ngati yabwera yankho yodzitumiza yokha yoti munthuyo ali pa holide, aiwerenge mpaka pansi, nthawi zambiri imatchula tsiku lobwerera ndi dzina la wina wogwirizira, ndipo kuwerenga masiku kuyambire pa tsiku lobwereralo. Ngati kuli zii, adikire masiku ena 5 ogwira nchito, omwe akutha Lachiwiri pa 3 Novembala, n'kutumiza yachiwiri Lachitatu pa 4, yofupika kuposa yoyamba, pa imelo yomweyo, 11:30 ya kuno. Yachitatu ine sindilangiza, kupatula ngati pali chatsopano chenicheni choti awauze, monga kuti zotsatira za mayeso a Chingerezi a IELTS kapena OET zatuluka, kapena kuti kwina ampatsa nchito ndipo akufuna yankho pofika tsiku lakuti. Tsiku limenelonso alilembe ndi mwezi m'mawu, ndi ola la ku UK poyamba.