Mizu ikabwerezeka, yankho silikhala A·r^n lokha

"Ndikapeza mizu ya ikweshoni, ndingolemba A·r^n + B·s^n basi, si choncho?"

Funsoli ndi lokhudza kupeza fomula ya mndandanda wa manambala momwe nambala iliyonse imachokera ku ziwiri zam'mbuyo mwake. Yankho ndi ayi, lamuloli limagwira pokhapokha mizu iwiriyo, r ndi s, ikasiyana. Tiyeni titenge a(n) = 6a(n−1) − 9a(n−2), pomwe a(0) = 1 ndipo a(1) = 6. Tikayesa a(n) = r^n timapeza r² − 6r + 9 = 0, kutanthauza (r − 3)² = 0. Muzu ndi 3, koma wabwera kawiri.

Apa ndi pomwe ambiri amaphonya. Amalemba A·3^n + B·3^n osazindikira kuti zilembo ziwirizo zimangophatikizana n'kukhala C·3^n. Pamenepo a(0) = 1 ikufuna C akhale 1, pomwe a(1) = 6 ikufuna C akhale 2. Nambala imodzi singakwaniritse zonse ziwiri.

Mankhwala ake ndi kuchulukitsa gawo lachiwiri ndi n, motere: a(n) = (A + Bn)·3^n. Ndiye A = 1, ndipo 3(1 + B) = 6 ikutipatsa B = 1. Choncho a(n) = (1 + n)·3^n.

Musanakhulupirire, yesani n = 2. Fomula ikupereka 27, ndipo 6·6 − 9·1 ndi 27 yemweyo. Muzu ukabwera katatu, onjezerani Cn² m'mabulaketimo.