Dzina la pa chikwangwani si limene timapita nalo ku khoti

Bambo wina wogulitsa matabwa a ku Chikangawa anabwera ku ofesi yathu ya maloya m'mawa wina kukugwa mvula yamawawa ija ya kuno ku Mzuzu, mapepala ake atawakulunga mu jumbo. Anapereka matabwa pangongole ku sitolo ina ya zipangizo zomangira ku Luwinga, miyezi inapitapo, ndalama osaoneka. Ankafuna chisamani tsiku lomwelo. Ndinawafunsa kuti, "Bambo, tikusumira ndani?" Anandiyang'ana ngati ndafunsa zachibwana, n'kundilozera dzina la sitolo pa risiti.

Ndinayala mapepalawo pa tebulo. Analipo atatu, ndipo lililonse linkanena zake. Pa risiti panali dzina la sitolo lokha, monga lilili pa chikwangwani. Pa kalata ya mgwirizano, imene anawatayipira mnyamata wina m'tauni, dzina lomwelo linali ndi mawu oti Limited kumapeto. Pa cheke chimene chinabwezedwa ku banki panali dzina la munthu, zilembo ziwiri zoyamba ndi dzina la bambo, kenako t/a ndi dzina la sitolo lija.

Ambiri amaona ngati Limited ndi mawu ongokometsera, ofanana ndi kuvala tayi. Mnyamata wotayipa uja anawonjezera mawuwa kuti kalata ioneke yapamwamba. Koma pamaso pa lamulo, kampani ya Limited ndi munthu payekha, wosiyana ndi eni ake: imakhala ndi katundu wake, ngongole zake, imasuma ndipo imasumiridwa m'dzina lake. Pomwe t/a amatanthauza kuti munthu wakuti akuchita malonda pansi pa dzina lakuti. Dzina lotere ndi chovala chabe, wangongole ndi munthu wavalayo. Mukasumira kampani pamene ngongole ndi ya munthu, masherifu sangakhudze galimoto kapena katundu wa munthuyo, ngakhale mutapambana mlandu. Chigamulo chimaluma dzina limene lalembedwapo basi.

Choncho sitinalembe chisamani tsiku limenelo. Tinayamba tafufuza m'kaundula wa kwa Registrar General, kumene mabizinesi ndi makampani amalembetsa, ndipo zimene tinapeza zinawadabwitsa bambo aja. Dzina la sitolo linalembetsedwa ngati bizinesi ya munthu mmodzi, mdala mwini sitolo. Koma inaliponso kampani ya dzina lofanana kwambiri, yokhala ndi Limited, imene inalembetsedwa pambuyo pake ndi mwana wa mdalayo, ndipo ku sitoloko inalibe ngakhale thabwa limodzi. Tikanakopera dzina la pa kalata ya mgwirizano ija, tikanasumira kampani imene sinagulepo matabwa athu.

Panatsala vuto la zilembo. Mdala ndi mwana wake anali ndi zilembo zoyamba zofanana, chifukwa mwanayo anam'patsa dzina la agogo ake loyamba ndi chilembo chomwecho. Zoterezi n'zofala m'mabanja mwathu. N'chifukwa chake pa chikalata chilichonse chofunika sindilola zilembo zokha. Ndimalemba mayina onse monga alili pa chiphaso cha unzika, zija za NRB zimene anthu ambiri analembetsa mu 2017, pamodzi ndi nambala ya chiphasocho. Mayina amafanana, nambala sifanana. Pa nkhani yathuyi, dzina lonse la pa satifiketi ya bizinesi ndi limene linatsimikiza kuti wangongole ndi mdala, ndipo tinalemba mayina ake onse, kenako t/a ndi dzina la sitolo.

Kachitidwe kanga n'kachikale ndithu. Ndimaika chikalata chimene ndalemba kumanja, satifiketi kapena chiphaso kumanzere, n'kumayendetsa pensulo chilembo ndi chilembo, mnzanga akuwerenga mokweza. Pa kompyuta maso amanama, amawerenga zimene mutu ukuyembekezera. Ndipo sindikopera pa kalata ina imene munthu anatayipa, ngakhale ya ofesi yathu yomwe, chifukwa cholakwa chikalowa kamodzi chimaswana m'mafayilo onse. Kuno kumpoto malo amene pensulo imaima kawirikawiri ndi odziwika. Ng'oma ndi Ngoma amasiyana ndi kachizindikiro kamodzi kokha. Mkandaŵire pa chiphaso amakhala Mkandawire, ndipo ife timatsata za pa chiphaso. Amayi amene aliyense amawaitana NyaGondwe mupeza pa chiphaso pali Gondwe yekha, pomwe ku banki anatsegula akaunti m'dzina la amuna awo. Pamenepo sitisankha lotisangalatsa. Timalemba la pa chiphaso, n'kuwonjezera kuti amadziwikanso ndi dzina linalo, ndipo pakafunika umboni mwini dzinayo amalumbira kalata yonena kuti mayina awiriwo ndi a munthu mmodzi.

Maulemu monga Abusa, Dokotala kapena Olemekezeka si mbali ya dzina, ndipo kuwasiya sikuononga chikalata, kungoti ena amakwiya nazo. Pamene ulemu umasokoneza ndi pamene ukubisa mwini nkhani weniweni. Ngati abusa anagula simenti m'malo mwa mpingo, funsani satifiketi ya mpingowo, chifukwa mabungwe ambiri otere analembetsa ndi dzina loyamba ndi The Registered Trustees of, ndipo limenelo ndilo lolemba. Onaninso tsiku la chikalata chimene mukudalira. Lamulo la makampani la 2013 litabwera, makampani ogulitsa masheya kwa anthu anasintha mchira wa dzina, mwachitsanzo Press Corporation Limited inakhala Press Corporation plc. Fayilo yakale ikupatsani dzina lakale.

Keyala ndiye inatidyera nthawi. Pa risiti panali bokosi la ku positi ofesi, koma munthu wokapereka chisamani sangagogode pa bokosi. Ikanakhala kampani, tikanatenga keyala ya ofesi yake yolembetsedwa m'kaundula, ngakhale itakhala yosiyana ndi kumene amagulitsira. Poti anali munthu, tinafunika kumene angapezeke iye mwini. Bambo a matabwa anati amakhala ku Chibavi kuseri kwa chigayo. Zigayo ku Chibavi si chimodzi. Tinatuma mnyamata wathu limodzi nawo kuti akaone nyumbayo ndi maso, ndipo tinalemba zonse ziwiri, puloti ya sitolo ku Luwinga ndi malongosoledwe a njira ya kunyumba.

Anthu amafunsa ngati kulakwitsa dzina kumapha mlandu. Kukakhala kuphonya chilembo, aliyense akudziwa amene akunenedwa, khoti kawirikawiri limalola kukonza, kungoti mutaya masiku ndipo mwina mulipira ndalama zimene mbali inayo yawononga. Koma kusumira munthu wina ndi nkhani ina, chifukwa pamenepo mukulowetsa munthu watsopano mu mlandu. Ngongole ya mgwirizano ili ndi malire a zaka 6 oti musume, ndiye mukazindikira mochedwa mutha kupeza chitseko chitatsekeka.

Bambo aja anadandaula kuti tawachedwetsa sabata yathunthu. Chisamani chitafika m'manja mwa mdala, loya wake anayamba ndi kunena kuti mgwirizano unali ndi kampani ya mwana, akuloza Limited uja wa mnyamata wotayipa. Tinamutumizira kope ya cheke ndi ya satifiketi ya bizinesi, ndipo kalata yake yotsatira inali yopempha kuti alipire pang'onopang'ono.