Mutaichotsa khadiyo mawa, atsala angati?

Eni masitolo amene ndimawalangiza pa zamalonda amakonda kundionetsa mndandanda wa anthu okhala ndi khadi yosonkhanitsira mapointi, n'kunena kuti, "Awa ndi athuathu." Ndimawafunsa kuti, mutaichotsa khadiyo mawa, atsala angati?

Kampani ya J.C. Penney, ya masitolo akuluakulu a zovala ku America, inapeza yankho lake mowawa. Kwa zaka zambiri inazoloweretsa anthu makuponi ndi maselo, moti katundu wogulidwa pamtengo wolembedwa anali wochepa zedi. Mu February 2012 bwana watsopano, Ron Johnson, anathetsa makuponiwo n'kuika mitengo yotsikirapo koma yokhazikika. Chaka chimenecho malonda anatsika ndi pafupifupi 25 peresenti, ndipo mu April 2013 anamuchotsa ntchito. Chimene chinkawakoka anthu aja chinali kumva kukoma koti agula motchipa. Chitatha, anangopita kwina.

A Coca-Cola zinawayendera mosiyana. Mu April 1985 anasintha kakomedwe ka chakumwa chawo, anthu anakwiya, anaimba mafoni, analemba makalata, ena anagula makireti a chakale n'kusunga m'nyumba. Patangotha masiku 79 kampaniyo inachibweza. Anthuwa sanalonjezedwe mphotho iliyonse. Ankamva ngati awalanda chawo, ndipo munthu sakalipira chinthu chimene alibe nacho mtima.

Chimene chimandiwawa n'chakuti eni masitolo ambiri sawerengera zimene amataya potsitsira mtengo anthu a khadi. Tinene kuti nsapato mwaoda pa K8,000 ndipo mukugulitsa K10,000. Phindu lanu ndi K2,000. Mukachotsera wa khadi 10 peresenti, alipira K9,000, phindu latsala K1,000. Mtengo mwatsitsa pang'ono chabe, koma phindu lapita theka, ndiye muyenera kugulitsa mapeya awiri kuti mupeze ya peya imodzi. Choipitsitsa, ambiri amene akulandira mwayiwo akanagula ndithu ngakhale popanda khadi. Ndipo sitolo yoyandikana nanu ikhoza kuchotsa 12 peresenti mawa lomwe.

Sindikuti khadi n'njachabe. A Tesco, masitolo akuluakulu a ku Britain, atayambitsa khadi yawo ya Clubcard mu 1995, phindu lalikulu linali kudziwa amene akugula chiyani komanso liti. Mayi wogulitsa tomato pamsika amachita zomwezo ndi mutu wake: amadziwa kuti uyu amafuna wosapsetsa, uyu mwana wake anadwala sabata yatha. Basela amaika, inde, koma kasitomala amadutsa mabenchi asanu kudzafuna iyeyo chifukwa tsiku lina anamubwezera chenji chimene anaiwala.

Kuti mudziwe mtundu wa makasitomala anu, tsegulani kaundula wa miyezi isanu ndi umodzi. Siyanitsani amene amagula pa selo pokha ndi amene amabwera ngakhale mtengo uli wonse. Pagulu lachiwirilo, onani amene anabweranso mutawalakwira, katundu atachedwa kapena atapezeka woonongeka, ndi amene anakubweretserani mnansi wawo.