Wasankhidwa ku yunivesite koma mtima ukuti "analakwitsa dzina": uthenga kwa ophunzira a ku Chikwawa ndi Nsanje ndi makolo awo

Mwana akakhala woyamba pa banja kupita ku yunivesite, mudzi wonse umamuperekeza ndi nthungululu. Zimene anthu saona ndi zimene zimachitika akakwera mapiri a Thabwa n'kukafika ku Zomba, ku Blantyre, ku Thyolo kapena ku Bunda. Ambiri mwa ana oterewa amayamba kudziona ngati analowa mozemba. Amati, "Ine si wanzeru ayi, unangokhala mwayi, tsiku lina adzanditulukira."

Akatswiri a zamaganizo awiri a ku America, Pauline Clance ndi Suzanne Imes, analongosola vutoli, limene pa Chingerezi limatchedwa "impostor syndrome", mu 1978 atacheza ndi amayi oposa 150 ophunzira kwambiri, amene ankakhulupirirabe kuti akungopusitsa anthu ngakhale anali ndi madigiri. Pambuyo pake zinadziwika kuti limagwiranso amuna. Si misala, ndipo silili m'gulu la matenda a maganizo amene madokotala amalemba m'buku la kuchipatala. Koma likakhalitsa limayendera limodzi ndi nkhawa yaikulu komanso matenda a kukhumudwa.

Mmene mungalidziwire

Kuchita mantha mayeso akayandikira n'kwa aliyense. Vutoli limasiyana ndi mantha wamba chifukwa munthu amakana umboni umene uli m'manja mwake. Akakhoza amati lekichala anamumvera chisoni kapena mafunso anaphweka. Akalephera amati, "Si izo, uyu ndiye ine weniweni."

Limayenda mozungulira. Ntchito ikaperekedwa, wophunzira amagwidwa ndi nkhawa, ndiye amachita chimodzi mwa ziwiri: kuchezera usiku wonse akuwerenga mopitirira muyeso, kapena kuzengereza mpaka tsiku lomaliza. Akakhoza, mtima umatsika kwa masiku ochepa chabe. Wochezera uja amati wakhoza chifukwa chodzizunza, wozengereza amati ndi mwayi, ndipo palibe amene amanena kuti ndimatha. Ntchito ina ikabwera zonse zimayambiranso. Zizindikiro zooneka ndi kusafunsa funso m'kalasi, kukhala kumbuyo, kukana kulowa gulu lowerengera limodzi, ndi kubisa pepala la mayeso ngakhale likhale labwino.

Kudziyerekeza ndi ena

Mu 1954 katswiri wina wa zamaganizo wa ku America, Leon Festinger, anafotokoza kuti munthu akasowa muyeso woti adziyezere, amadziyeza ndi anthu amene ali pafupi naye. Apa ndi pamene mwana woyamba pa banja amavutikira kwambiri. Mnzake amene bambo ake kapena mchemwali wake anadutsa ku yunivesite anauzidwa kale kuti chaka choyamba malikisi amagwa, ndipo kugwako n'kwa ambiri. Iye alibe womuuza zimenezo. Amangoyang'ana anzake, ndipo maso amagwera pa amene akuoneka kwambiri.

Tiyerekeze mtsikana wochokera kufupi ndi Bangula. Waphunzira pa sekondale yoyendera, madzi osefukira anawasokoneza sukulu kangapo, koma MSCE wakhoza ndi mapointi 14. Kusukulu kwawo nambala wani anali iye chaka chilichonse. Ku yunivesite mayeso oyamba a kemesitire wapeza 54. Amene amagona naye chipinda chimodzi wapeza 78, ndipo akuti, "Ine sindinawerenge n'komwe." M'gulu la WhatsApp la kalasi, anthu asanu alemba malikisi awo, onse oposa 70. Mtsikanayu akutseka foni n'kunena kuti iye ndiye wotsiriza.

Tiyeni tione pamene maganizo akewa akhotera. M'kalasi muli anthu 120, ndipo amene analemba malikisi awo ndi asanu. Enawo 115 ali chete, ndipo amene wapeza 40 salengeza pagulu. Aliyense wa ovutikawo akubisa n'kumaganiza kuti akuvutika yekha. Mnzake wa m'chipinda uja anaphunzira pa sukulu yokhala ndi labu, botolo loyezera asidi analigwira ali Fomu 3, pamene mtsikana wa ku Bangulayu ankangoliona lojambulidwa pabolodi. Kusiyana kwa 54 ndi 78 kukuonetsa kumene aliyense wayambira, sikukuyeza nzeru zawo. Zoti "sindinawerenge" musazitengere kumtima, ambiri onena choncho amakhala atawerenga.

Palinso zina zimene mwana wa kuchigwa amadziyeza nazo zosakhudzana n'komwe ndi maphunziro: laputopu ya mnzake, nsapato, Chingerezi chotuluka mosadodoma. Wina akamuseka kuti Chichewa chake chikumveka Chisena kapena Chimang'anja, amayamba kulankhula pang'ono, ndipo kusiya kulankhula kumafika mpaka m'kalasi. Kafukufuku wina wa ku America amene anatuluka mu 2020 anapeza kuti m'makalasi a sayansi momwe ophunzira amaona kuti muli mpikisano waukulu, maganizo oterewa amakula kwambiri mwa ana oyamba pa banja, ndipo maganizowo akakula ena amayamba kujomba n'kuganiza zosiya.

Zoyenera kuchita

Choyamba, pezani muyeso weniweni. Pitani kwa lekichala pa nthawi imene amalandira ophunzira mu ofesi, mufunse kuti kalasi yonse yakhoza bwanji komanso kuti inu mwataya malikisi pati. Mtsikana wathu uja atafunsa akhoza kumva kuti pakatikati pa kalasi ndi 51, ndiye kuti 54 yake ili pamwamba pang'ono. Akhozanso kuona kuti malikisi ambiri anatayika pa funso limodzi la za mulabu, chinthu choti angachiphunzire m'masabata awiri. Kufunsa lekichala si mwano, ngakhale kwathu tinaleredwa kuti wamkulu safunsidwa mafunso.

Chachiwiri, khalani ndi kope laling'ono. Mukalandira zotsatira lembani zinthu zitatu: malikisi, zimene munachita kuti muwapeze, ndi zimene mtima ukukuuzani. Mwachitsanzo: "61. Ndinayankha mapepala akale anayi, ndinafunsa mnzanga za mutu wachitatu. Mtima ukuti ndi mwayi." Pakatha semesita, mukawerenga mizere isanu kapena isanu ndi umodzi yotere, nkhani ya mwayi imavuta kuikhulupirira. Kopeli limakupatsaninso munthu woyenera kudziyerekeza naye, amene ndi inu nomwe wa mwezi watha.

Uzaniko munthu mmodzi, makamaka wa chaka chachitatu kapena chachinayi wochokera kwanu konko. Mufunseni kuti mayeso ake oyamba anapeza zingati. Ngati gulu la pafoni limakusowetsani tulo zotsatira zikatuluka, lizimitseni kaye masiku amenewo.

Tisabisenso kuti nthawi zina kutsalira kumakhala kwenikweni. Ngati simunagwirepo kompyuta kapena simukumva Chingerezi cha lekichala, kudzilimbitsa mtima pakokha sikuthandiza, pamafunika kupempha wokuphunzitsani. Njala ndi ngongole ya sukulu yochedwa si vuto la m'mutu, zimenezo kanenezeni ku ofesi yoona za umoyo wa ophunzira.

Kwa inu makolo

Mukamuimbira foni, musayambe ndi "wakhala nambala chani?" kapena "tonse tikuyang'ana iwe." Mawu amenewa ndi achikondi, koma amamutseka pakamwa. Mufunseni ngati akudya, ngati akugona, ndiponso phunziro limene likumuvuta. Akanena kuti walephera mayeso ena, mumvereni mpaka amalize.

Pamene muyenera kupita kuchipatala

Ngati kwa masabata awiri kapena kuposa mukukhala okhumudwa pafupifupi tsiku lililonse, tulo sitikubwera, chakudya sichikulowa, zimene munkakonda sizikukomanso, kapena mwayamba kumwa mowa kuti muiwale, pitani kwa mlangizi wa pasukulu kapena ku chipatala cha pasukulupo. Mukakhala kumudzi pa holide, pitani pa chipatala chaching'ono chapafupi kapena chipatala cha boma cha Chikwawa kapena Nsanje mukafunse woona za matenda a maganizo. Mukayamba kuganiza zodzipha, uzani munthu amene muli naye pafupi ndipo akuperekezeni kuchipatala tsiku lomwelo.