Chajibaki si malo olembapo mkwiyo, lembani zomwe zinachitika

Mafomu odandaula za khadi omwe amafika pa desiki yathu kuno ku banki ambiri amayamba ndi mawu omwewo, "andibera ndalama, sindikudziwa chilichonse, bwezani msanga." Ndiye ukamufunsa munthuyo bwinobwino umapeza kuti sitoloyo akuidziwa, anagulako ndithu, kungoti amudula kawiri kapena rifandi yomwe anamulonjeza sinafike. Abale, kubedwa ndi kulakwiridwa ndi wogulitsa ndi nkhani ziwiri zosiyana, ndipo mukazisakaniza mumaluza mlandu womwe munayenera kuwina.

Banki yanu siingotenga ndalama kwa wogulitsa chifukwa mwakwiya ayi. Imatumiza dandaulo lanu kudzera ku Visa kapena Mastercard kupita ku banki ya wogulitsayo kuti ndalama ibwezedwe, imeneyi ndiye chajibaki, ndipo dandaulolo limayenda ndi nambala ya chifukwa, chimodzi chokha. Ku Visa, 10.4 ndi pomwe wina wagula pa intaneti ndi khadi yanu inu osavomereza, 12.5 ndi pomwe adula ndalama yosiyana ndi yomwe munagwirizana, 12.6 ndi kudulidwa kawiri kapena kudulidwa pomwe munalipira kale mwa njira ina, 13.1 katundu sanafike, 13.6 rifandi sinalowe. Simukuyenera kuloweza manambalawa, imeneyo ndi ntchito yathu. Koma timasankha nambala potengera zomwe inu mwalemba, ndipo wogulitsa amayankha funso la nambala imeneyoyo basi. Mukati simunavomereze, iye angofunika kuonetsa kuti munavomereza, nkhani yatha.

Pali nkhani ya mayi wina yomwe mpaka pano imandivutabe. Anagona pa hotelo, bilu madola 240. Potuluka anaika khadi m'kamakina, anaika pini, kamakina kanazungulirazungulira kenako kanalemba kuti zakanika. Wa pa kauntala anati lipirani kashi, mayi analipira, anapatsidwa risiti nkumapita. Patapita masiku angapo 240 ija yaoneka pa sitetimenti kuti yadulidwa. Pa fomu iwo analemba kuti sakuidziwa ndalamayi ndipo sanavomereze. Dandaulo linapita ngati la kuba, khadi inatsekedwa monga timachitira pa nkhani zakuba, ndiye hotelo inangotumiza umboni woti khadi inalowa m'makina ndi chipu chake ndipo pini yolondola inaikidwa. Zoona zokhazokha. Mlandu unagwa. Risiti ya kashi ija inali m'chikwama mwawo nthawi yonseyi, sanaitchule nkomwe chifukwa amaona ngati mawu oti "kuba" ndi omwe angatithamangitse. Ndipo kawirikawiri malamulo a makhadi salola kudandaula kawiri pa kugula kumodzi, ndiye simungangoti chabwino tiyeseko chifukwa china.

Chomwe anayenera kulemba ndi chachifupi kwambiri. "Pa tsiku lakuti ndinayesa kulipira madola 240 pa hotelo yakuti ndi khadi yothera manambala akuti, makina anakana, ndinalipira kashi ndalama yomweyo, risiti nambala yakuti ndaiphatikiza. Pa tsiku lakuti khadi yadulidwanso 240. Ndinalembera hotelo pa tsiku lakuti, sanayankhe. Ndikupempha 240 yonse ibwezedwe." Basi. Mulibe chipongwe, mulibe mbiri ya ulendo wonse, koma chilichonse chomwe ine ndikufuna chilimo: tsiku, ndalama yeniyeni, dzina la wogulitsa monga likuonekera pa sitetimenti (nthawi zina limasiyana ndi lomwe lili pa chikwangwani, koperani la pa sitetimenti), manambala anayi omaliza a khadi, chomwe chinalakwika, ndi ndalama yomwe mukufuna ibwere. Ngati anadula 240 m'malo mwa 204, mukudandaula za 36 osati zonse, mukapempha zonse mwampatsa wogulitsa poyankhira.

Umboni nawo uziyenda ndi chifukwacho. Kudulidwa kawiri, tionetseni mizere iwiri ya pa sitetimenti ndi risiti imodzi. Munalipira njira ina, tikufuna risiti ya kashiyo kapena sitetimenti ya khadi inayo, ndipo kapepala kolembedwa `DECLINED` kaja anthu amakasiya pa kauntala, tengani, kamathandiza kwabasi. Rifandi sinalowe, tikufuna imelo kapena kapepala komwe wogulitsa analonjeza kubweza, kokhala ndi tsiku ndi ndalama. "Anandiuza pa foni" si umboni, pepani. Mukaimba foni, tumizaninso imelo yobwereza zomwe mwakambirana kuti pakhale cholembedwa.

Ndipo pa nkhani za katundu wosafika, wosiyana ndi yemwe munaitanitsa, kapena sabusikiripishoni yomwe munaletsa koma akudulabe, banki idzakufunsani ngati munayamba mwalankhula ndi wogulitsa. Ambiri amadumpha pamenepa. Lembani kwa iye, sungani sikirinishoti yoonetsa tsiku, ngakhale asayankhe kusayankhako ndi umboni kale. Pa sabusikiripishoni chofunika kwambiri ndi tsiku lomwe munaletsa, liyenera kukhala lisanafike tsiku lodulidwa, kungochotsa apu pa foni si kuletsa.

China, onani kaye ngati ndalamayo yalembedwa `pending`. Imeneyo sinadulidwe, yangogwiridwa, mahotelo ndi obwereketsa magalimoto amachita zimenezi kwambiri ndipo nthawi zambiri imamasuka yokha pakapita masiku. Chajibaki imayamba ndalama ikalowa mu sitetimenti ngati yodulidwa. Koma ngati simukuidziwa konse, musadikire, imbani atseke khadi pompo.

Tsopano za kuchedwa, zomwe zimandipsetsa mtima kuposa zonse. Pa zifukwa zambiri malire ndi masiku 120, kuwerengera kuchokera pomwe ndalama inadulidwa, kapena pa katundu wosafika kuchokera tsiku lomwe amayenera kufika. Masiku amenewo ndi a banki kuti itumize dandaulo, si anu oti mufike pa tsiku la 119 ndi fomu yopanda risiti, ndipo mabanki ena amaika malire awoawo aafupi m'mgwirizano wa khadi, kawerengeni. Wogulitsa wochenjera amadziwa zimenezi, ndiye amangoti tikuona, sabata yamawa, akaunti yathu ili ndi vuto, mpaka masiku atha. Mupatseni sabata imodzi kapena ziwiri, akapanda kubweza bwerani ndi maimelo omwewo. Masiku akadutsa ngakhale nkhani yanu ikhale yoona bwanji sisitimu imakana, ine palibe chomwe ndingachite.

Mukaona ndalama yabwerera mu akaunti dandaulo lili mkati, musaidye msanga. Mabanki ena amaika ndalama yongoyembekezera, wogulitsa ali ndi nthawi yoyankha, pafupifupi mwezi kapena kupitirirako pang'ono malinga ndi khadi, ndipo akawina imachotsedwanso. Tikakutumizirani yankho lake kuti muyankhepo, yankhani mwachangu, nthawi ya pamenepo ndi yochepa kwambiri ndipo kukhala chete kumatengedwa ngati mwavomera.

Ndiye pali awa odzitcha akatswiri obweza ndalama, amakupezani mukangodandaula poyera, amati lipirani kaye kenakake tikubwezereni zonse. Alibe khomo lililonse lolowera ku Visa kapena Mastercard, chajibaki imatsegulidwa ndi banki yomwe inakupatsani khadi, kwina kulibe. Ena amakuuzani kuti mungonena kuti ndi kuba zimayenda msanga, bodza lomwe lija linagwetsa mayi wa ku hotelo, ndipo kunama pa fomu yosainira kukhoza kukutseketsani akaunti. Choopsa kwambiri amapempha pini, manambala atatu a kuseri kwa khadi, kapena OTP yomwe yabwera pa foni. Pa fomu ya dandaulo sitifunsa zimenezo. Mukapereka OTP ndalama nkuchoka, mbiri imaonetsa kuti kugulako kunatsimikizidwa ndi inu, ndipo dandaulo la kuba pa kugula kotero nthawi zambiri silidutsa nkomwe.