Wosewera wachisanu ndi chimodzi: zimene benchi imaulula za timu ya magemu a pakompyuta

Munthu akandifunsa kuti timu ya mipikisano ya magemu a pakompyuta imayendetsedwa bwanji, sindiyambira pa osewera asanu amene amaoneka pa kanema. Ndimayambira pa uja wakhala kuseri, amene wavala yunifomu koma sanakhudze mbewa ya kompyuta tsiku lonse. Mmene timu ikumusamalira munthu ameneyu ndi mmene mungadziwire ngati kochi ali ndi mphamvu zenizeni, ngati wounika masewero akugwira ntchito yake, ndiponso ngati makontirakiti analembedwa mwachilungamo.

M'magemu akuluakulu monga League of Legends, Counter-Strike, Dota 2 ndi Valorant, timu imalowa m'bwalo ndi anthu asanu. Pambuyo pawo pamakhala kochi wamkulu, amene amasankha olowa ndi kukonza njira yosewerera. Pamakhalanso wounika masewero mmodzi kapena angapo, amene ntchito yawo ndi kuonera mavidiyo a adani ndi kuwerengera zizolowezi zawo. Manijala amaona za maulendo, ziphaso, nthawi ya zokonzekera ndi mapepala a ligi, ndipo pamwamba pake pali mkulu wa timu amene amagula ndi kugulitsa osewera komanso kusainitsa makontirakiti. M'matimu ang'onoang'ono ntchito zonsezi zimatha kugwera munthu mmodzi kapena awiri.

Choyamba kumvetsa ndi chakuti gemu ikayamba, kochi pakamwa pake pamatsekedwa. Mu League of Legends kochi amaima ndi osewera ake panthawi yosankha ngwazi, zomwe ndi anthu a m'gemumo amene wosewera aliyense amayendetsa. Kusankha kukangotha amachoka, ndipo kawirikawiri saloledwa kulankhula nawo mpaka gemu ithe. Mu Counter-Strike kampani ya Valve inakhwimitsa lamulo mu 2016, kuti pa mipikisano yake ikuluikulu kochi azilankhula gemu isanayambe, pakati pa zigawo ziwiri, ndi pa kupuma kwa masekondi 30 kumene timu yapempha. Nthawi ina yonse amatsogolera ndi mmodzi wa osewera asanuwo. Wosewera wapabenchi nayenso salowa gemu ili mkati ngati mmene zimachitikira m'masewero ena. Kusintha kumachitika gemu imodzi ikatha, ina isanayambe. Ndiye kwa kochi wa League of Legends zida zimene ali nazo tsiku la mpikisano ndi zochepa kwambiri: kusankha ngwazi, mawu ochepa pakati pa magemu, ndi benchi.

Chitsanzo chabwino cha benchi yogwiritsidwa ntchito ngati chida chinaoneka pa mpikisano wa dziko lonse wa League of Legends mu 2016. Timu ya ku South Korea ya SK Telecom T1 inali ndi anthu awiri pa malo amodzi otchedwa jungle, Bengi ndi Blank. Wosewera pamalo amenewa sakhala mu umodzi mwa misewu itatu ya m'gemumo ngati anzake. Amayendayenda m'nkhalango ya pakati pa misewu ndi kumadzidzimutsa adani, choncho kayendedwe kake kamasintha kasewero ka timu yonse. Mu semifainolo ku New York anakumana ndi ROX Tigers, pa mpikisano woti woyamba kupambana magemu 3 ndiye wapitirira. Bengi anasewera gemu yoyamba ndipo anapambana. Blank analowa pa yachiwiri ndi yachitatu, zonse anagonja. Atatsala ndi gemu imodzi kuti atuluke, kochi wawo kkOma anabweza Bengi.

Apa ndi pamene pali phunziro la ntchito yathu. Chaka chimenecho timu iliyonse inkaloledwa kuletsa ngwazi 3 zokha kuti zisasankhidwe, osati 5 ngati mmene zinakhalira kuyambira 2017. Wosewera wa ROX pamalo omwewo, Peanut, ankaopedwa kwambiri akatenga ngwazi yotchedwa Nidalee, pamene Bengi sankadziwika nayo. Pa gemu yachinayi Nidalee sanaletsedwe, ndipo SK Telecom T1 inamutenga n'kumupereka kwa Bengi. Anasewera bwino kwambiri, timu inapambana gemu imeneyo ndi yachisanu, kenako n'kukatenga chikho pogonjetsa Samsung Galaxy 3–2. Nkhaniyi inatha bwino, koma taonani chimene ikusonyeza. Kusintha munthu mmodzi kumasintha ndondomeko yonse ya zoletsa ndi zosankha, chifukwa ngwazi imene wina amaidziwa, mnzake saidziwa mofanana.

Pachifukwa chimenechi timu ya anthu asanu ndi mmodzi imamupatsa wounika masewero ntchito iwiri. Ndakhalapo pafupi ndi ntchito imeneyi usiku woti mawa kuli mpikisano. Munthu amakhala ndi makanema awiri, kwina vidiyo ya adani, kwina tebulo lodzaza manambala, akuimitsa ndi kubwezera gawo lomwelo kangapo kuti aone kumene mdani amayambira kuyenda mphindi zitatu zoyambirira, ndi kumene amakonda kuika zounikira zake zoonera adani m'gemumo. Mmawa amapereka kwa kochi mapepala ochepa chabe, chifukwa wosewera sangasunge zinthu makumi awiri m'mutu akusewera. Ngati pali osewera awiri pamalo amodzi, mapepalawo ayenera kukhala a mitundu iwiri: tikalowetsa uyu tiletsa izi, tikalowetsa uyo tiletsa izo. Phindu lake ndi lakuti wounika wa adani nayenso wapatsidwa ntchito iwiri, ndipo sadziwa kuti akumana ndi uti.

Koma pali mtengo umene anthu oonera sauona, ndipo ndi umene umagwetsa matimu ambiri oyesa njirayi. Matimu amakonzekera posewera magemu oyeserera ndi matimu ena mwachinsinsi, amene osewera amawatcha masikirimu. Tiyerekeze kuti timu imasewera masikirimu 6 patsiku kwa masiku 5, ndiye kuti 30 pa sabata. Mukawagawa pakati pa anthu awiri, aliyense apeza 15, pamene mdani wawo amene alibe womupikisana naye wasewera onse 30 ndi anzake omwewo. Anayi otsalawo nawonso akuphunzira mawu a anthu awiri, liwiro la anthu awiri. M'magemu amenewa chisankho chimachitika m'kamphindi, ndipo nthawi zambiri chimadalira kudziwa chimene mnzako achite asanachinene. Mukagawa mosafanana, 25 kwa wina ndi 5 kwa wina, ndiye kuti wachiwiriyo si chidanso, wangokhala woyembekezera kuti wina adwale.

Mungadziwe bwanji, inu oonera, kuti benchi ya timu ndi yeniyeni? Onani nthawi imene wapabenchi amalowa. Ngati amalowa ngakhale timu ikupambana, ndipo zosankha za timu zimasintha iye akalowa, ndiye kuti anakonzekera naye. Ngati amangolowa zinthu zikavuta, n'kupatsidwa ngwazi zomwezo za mnzake, kochi akungoyesa mwayi. Ine sindikhulupirira kuti timu iliyonse ikufunika wosewera wachisanu ndi chimodzi wopikisana. Chimene timu iliyonse ikufunika ndi munthu wolembedwa m'kaundula wa ligi amene angalowe pangozi. Timu ya Counter-Strike ya Astralis inaphunzira zimenezi pa mpikisano wa ESL One Cologne mu 2016, pamene wosewera wawo dupreeh anadwala mwadzidzidzi ndipo kochi wawo zonic anachita kukhala pampando n'kusewera yekha. Anatha kutero chifukwa anali wosewera wakale.

Ngakhale njirayi ikuyenda bwino, siikhalitsa. Mu 2015 SK Telecom T1 yomweyo inkasinthanitsa Faker ndi Easyhoon pa msewu wapakati, ndipo inatenga chikho cha dziko lonse. Kumapeto kwa chaka chomwecho Easyhoon anapita ku timu ya Vici Gaming ku China. Munthu wa luso lotere sangakhale nthawi yaitali akudikira, makamaka pa ntchito imene zaka zake zosewera ndi zochepa.

Izi zikutifikitsa pa benchi ya mtundu wina, imene imandipweteka mtima, benchi imene munthu amaikidwapo chifukwa timu yamusiya koma sikufuna kumumasula. Kontirakiti ya wosewera kawirikawiri imanena za malipiro a pamwezi, gawo lake la ndalama za mphoto, kutalika kwa mgwirizano, maola oonetsa masewero ake pa intaneti, ufulu wa timu wogwiritsa ntchito dzina ndi nkhope yake potsatsa malonda, ndi mtengo womuombolera, ndiko kuti ndalama zimene timu ina iyenera kulipira kuti imutenge kontirakiti isanathe. Wachinyamata wosaina koyamba maso ake amakhala pa malipiro a pamwezi. Ndime zimene zidzamuvutitse ndi ziwiri zimene sanaziwerenge, ya benchi ndi ya mtengo womuombolera.

Tiyeni tiyerekeze ndi manambala ongopeka. Mnyamata wasaina zaka 2 pa madola 4,000 pamwezi. Ndime ina ikuti akaikidwa pa benchi malipiro atsika ndi theka, ndipo mtengo womuombolera ndi madola 200,000. Patatha miyezi 6 timu yagula wina pamalo pake. Iye tsopano akulandira 2,000, ndipo kumusunga miyezi 18 yotsalayo kuiwonongera timu 36,000 basi. Timu ina ikubwera ndi 50,000. Eni ake akhoza kukana mosavuta, poyembekezera kuti wina abwera ndi zambiri, kapena chifukwa wofunsayo ndi mdani wawo mu ligi. Mnyamatayo sangasewerere timu ina, sakulowanso m'masikirimu, ndipo gemuyo ikusinthidwa ndi eni ake nthawi ndi nthawi, moti luso lake likutsalira. Miyezi ikamapita mtengo wake weniweni ukutsika pamene wa papepala uli pomwepo. Osewera amautcha mkhalidwe umenewu ndende ya kontirakiti, ndipo dzinalo ndi loyenera.

Maligi ena anayesa kuikapo dongosolo. Riot Games, eni League of Legends, amasunga poyera kaundula wosonyeza tsiku limene kontirakiti ya wosewera kapena kochi aliyense wa m'maligi ake akuluakulu idzathe, ndipo amaletsa timu kunyengerera wosewera wa timu ina popanda chilolezo cha eni ake. Ligi yawo ya ku North America inaika malipiro ochepetsetsa a madola 75,000 pachaka mu 2018. Koma lamulo loletsa kunyengerera limateteza timu kuposa wosewera, chifukwa wokhala pa benchi uja sangayambe yekha kukambirana ndi ofuna kumutenga ngati timu yake sinalole.

Choncho kholo kapena wosewera akandionetsa kontirakiti, ndimapita molunjika ku ndime ziwiri zija ndi mafunso anga. Kodi mtengo womuombolera walembedwa ngati nambala, kapena wasiyidwa kuti timu idzanene nthawiyo ikadzafika? Nanga umatsika akaikidwa pa benchi, monga mmene malipiro ake akutsikira? Ngati timu ili ndi ufulu wodula malipiro ndi theka, ndimapempha kuti mtengowo nawonso utsike ndi theka tsiku lomwelo, ndiponso kuti akakhala pa benchi miyezi yogwirizana, mwachitsanzo 3, akhale ndi ufulu wolankhula ndi matimu ena kapena kuthetsa mgwirizano. Ndimafunsanso ngati timu ingamugulitse kwina iye asanavomere. Zimenezi zimakambidwa ndi loya amene akuimira wosewerayo, osati amene timu yamubweretsa, ndipo zimakambidwa asanasaine, pamene timu ikumufunabe.